Mankhwala ofiira a khansa ndi mtima wa wodwala

Pakati pa mankhwala a khansa pali amodzi amene wodwala sawaiwala chifukwa cha mtundu wake. Ndi ofiira piriwiri. Namwino amawakoka m'jakisoni wamkulu, n'kumawakankha pang'onopang'ono kudzera mu diripi, maso ali pa mtsempha, chifukwa akatayikira kunja kwa mtsempha amawotcha mnofu. Kwa tsiku limodzi kapena awiri mkodzo umafiira, ndipo ambiri amaopa kuti ndi magazi, chonsecho ndi utoto chabe wa mankhwalawo. Dzina lake ndi dokisorubisini.

Mankhwalawa anachokera ku tizilombo ta m'nthaka timene akatswiri a ku Italy anapeza, ndipo akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 50. Amapezeka m'chithandizo cha khansa ya m'mawere, khansa ya m'mwanabele, ndi khansa zingapo za ana. Pazipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi amodzi mwa mankhwala odalirika. Achiritsa anthu ochuluka. Koma ali ndi vuto limodzi limene wodwala aliyense ndi omusamalira ayenera kulidziwa: amatha kufooketsa mtima, ndipo kufookako kumayamba mwakachetechete, munthu asakumva kalikonse.

Mmene mtima umavulalira

Khansa imakula chifukwa maselo ake amagawikana mosalekeza. Dokisorubisini amalowa mkati mwa selo, n'kusokoneza kachipangizo kamene kamamasula ulusi wa chibadwa kuti selo ligawikane. Ulusiwo umaduka, selo limafa. Tsoka lake n'lakuti m'maselo a mnofu wa mtima mulinso kachipangizo kofanana nako, ndipo mankhwalawa sakasiya. Kuwonjezera apo, akakumana ndi ayironi m'selo amapanga tinthu towononga timene timaphwanya tizigawo topanga mphamvu, ndipo mtima, poti umagunda usana ndi usiku, ndi wodzaza ndi tizigawo timeneti.

Tsitsi likathothoka ndi kemo limameranso. Magazi akachepa amabwerera. Maselo a mtima satero: lafa, lafa, ndipo pamalo pake pamatsala chipsera. Otsalawo amagwira ntchito ya anzawo, ndiye kwa miyezi munthu amayenda bwinobwino. Akatsala ochepa kwambiri, mtima umakula, umalobodoka, n'kulephera kupopa magazi mokwanira.

N'chifukwa chake madokotala sayang'ana mlingo wa lero wokha. Amawonkhetsa mankhwala onse ofiira amene munthu walandira chibadwire, ngakhale a zaka khumi zapitazo. Mu 2003 Sandra Swain ndi anzake ku America anasanthula odwala amene analandira dokisorubisini. Anapeza kuti pa mamiligiramu 400 pa sikweya mita ya thupi, anthu 5 mwa 100 alionse mtima unalephera. Pa 550 anali anthu 26 mwa 100. Kusiyana kwa milingo iwiriyi ndi maulendo atatu okha olandira mankhwala, koma chiopsezo chakwera kasanu. Pa chifukwa ichi madokotala ambiri amaima asanapitirire 450, ndipo amayamba kuchenjera kwambiri mlingo ukafika 250.

Anthu ena mtima wawo umavulala msanga kuposa anzawo: ana aang'ono, okalamba opitirira zaka 65, odwala kuthamanga kwa magazi kapena shuga, osuta fodya, amene anawotchedwapo ndi cheza cha makina pachifuwa, ndi amene mtima wawo unali kale ndi vuto. Kwathu kuno gulu lomalizali si laling'ono, chifukwa alipo ambiri amene zilonda za pakhosi za paubwana zinawawonongera zitseko za mtima iwo osadziwa.

Kuyeza mtima

Chida chachikulu ndi eko, sikani ya mtima yofanana ndi imene amaunikira amayi oyembekezera. Wodwala amagona chammbali, kumanzere, amamupaka mafuta ozizira pachifuwa, ndipo woyeza amayika kachida pakati pa nthiti. Sipapweteka, ndipo nthawi zambiri sipapitirira theka la ola. Pa sikirini pamaoneka chipinda chakumanzere cha mtima chikudzaza ndi kufinya. Nambala imene amafuna, imene pamakina imalembedwa kuti EF, imanena kuchuluka kwa magazi otuluka m'chipindacho pa kugunda kumodzi. Mtima wabwino sukhuthula onse. Umatulutsa magawo 55 mpaka 70 mwa 100. Nambalayi ikatsika ndi mapointi oposa 10 n'kufika pansi pa 50, ndiye kuti mankhwala akhudza mtima.

Eko ili ndi malire ake. Anthu awiri oyeza mtima umodzi akhoza kusiyana ndi mapointi angapo, choncho kutsika kuchoka pa 62 kufika pa 59 si nkhani yodetsa nkhawa payokha. N'kwabwino kuyezedwa ndi makina omwewo, ndipo kukatheka munthu yemweyo. Komanso nambalayi imachedwa kutsika, chifukwa mtima umabisa kufooka kwake. Kumene kuli zipangizo zokwanira amayezanso mmene mnofu wa mtima ukufupikira pofinya, zimene zimasintha nambala ija isanagwe, ndiponso amayeza tiroponini m'magazi, chinthu chimene chimatuluka m'maselo a mtima akavulala.

Chitsanzo cha wodwala mmodzi

Tiyerekeze mayi wa zaka 52 amene wapezeka ndi khansa ya m'mwanabele. Ndi wamtali masentimita 160, amalemera makilogalamu 60, ndipo amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Kuchokera pa msinkhu ndi sikelo, dokotala apeza kuti thupi lake ndi masikweya mita 1.63. Chithandizo chozolowereka cha khansa imeneyi ndi mankhwala anayi ophatikiza, operekedwa masiku 21 alionse, maulendo asanu ndi limodzi. Gawo la dokisorubisini ndi mamiligiramu 50 pa sikweya mita, ndiye m'jakisoni mwake mulowa pafupifupi 82 ulendo uliwonse. Akamaliza adzakhala atafika pa 300.

Asanayambe, amuyeza eko ndipo nambala ndi 62. Nambala yoyambayi ndi yamtengo wapatali kuposa zonse, chifukwa popanda iyo palibe choyerekezera. Munthu akadzapezeka ndi 52 pambuyo pake, kodi wagwa kuchoka pa 65, kapena anali pomwepo chiyambire? Amuyezanso kagundidwe ka mtima, shuga ndi impso, ndipo amuuza kuti asasiye mankhwala ake a kuthamanga kwa magazi, poti mtima umene ukulimbana ndi magazi othamanga umavulala msanga.

Pa ulendo wachisanu wafika pa 250, ndipo eko ikuonetsa 58. Palibe chifukwa choimitsira kemo. Wamaliza, zotupa zaphwa, kunyumba kuli chimwemwe. Apa ndi pamene ambiri amasowa, chifukwa akuti achira ndipo ndalama yoyendera yatha. Koma nthawi yoopsa ndi yomweyi. Mu 2015 Daniela Cardinale ndi anzake ku Milan anafalitsa zimene anapeza atatsatira odwala 2,625 olandira mankhwala a gulu limeneli. Anthu 9 mwa 100 mtima unafooka, ndipo pafupifupi onsewo, 98 mwa 100, zinachitika m'chaka choyamba atamaliza kemo.

Mayi wathu wabwerera patatha miyezi itatu. Akuti ali bwino, kungoti akakwera chitunda amapuma wefuwefu pang'ono. Eko ikuti 47: watsika ndi mapointi 15, ndipo ali pansi pa 50. Dokotala amuyambitsa enalapirilo, kenako kavedilolo, mankhwala otsika mtengo amene amapeputsira mtima ntchito. Amayamba ndi mlingo wochepa, n'kumakweza masabata angapo alionse akuyeza kuthamanga kwa magazi ndi impso. Mwayi woti nambala ikwerenso ndi waukulu, chifukwa wapezeka msanga. Pa kafukufuku wina wa Cardinale yemweyo, wa mu 2010, mwa odwala amene anayamba mankhwalawa isanathe miyezi iwiri chimalizire kemo, 64 mwa 100 mtima unabwerera mwakale. Mwa amene anayamba itadutsa miyezi isanu ndi umodzi, panalibe ndi mmodzi yemwe amene unabwerera kwathunthu. Kuwongola mtengo m'poyamba.

Nambala ikanagwa ali mkati mwa kemo, dokotala wa khansa ndi wa mtima akanakhala pansi n'kupima. Angathe kuimitsa mankhwala ofiira n'kuika ena, kapena kupitiriza akuteteza mtima. Alipo mankhwala otchedwa dekisirazokiseni operekedwa kemo isanalowe kuti achepetse kuvulala, komanso mtundu wa dokisorubisini wokutidwa m'timipira ta mafuta umene sufika kwambiri kumtima, koma zonse ziwiri n'zodula. Chigamulo chake si chophweka, pakuti kusiya mankhwala ochiritsa chifukwa choopa mtima kungabweze khansa imene ikanatha.

Si onse amavulaza mofanana

Tirasituzumabu, amene amaperekedwa kwa amayi a khansa ya m'mawere ya mtundu wa HER2, nawonso amafooketsa mtima, koma mwa njira ina. Sapha maselo kwenikweni, amawalepheretsa kudzikonza. Chiopsezo sichikwera ndi kuwonkhetsa mlingo, ndipo nthawi zambiri mtima umachira akawaimitsa kwa masabata angapo. Atangoyamba kugwiritsidwa ntchito, amayi amene analandira iwowa pamodzi ndi mankhwala ofiira, 27 mwa 100 mtima unafooka. Masiku ano amawapereka motsatizana, osati limodzi, ndipo eko imachitika miyezi itatu iliyonse. Palinso fuluworoyurasilo, wa khansa ya m'matumbo ndi ya kummero, amene amatha kufinya mitsempha yodyetsa mtima. Chizindikiro chake ndi kupweteka pachifuwa diripi ili mkati kapena masiku ochepa otsatira, ndipo wodwala anene nthawi yomweyo kuti atseke diripiyo.

Zimene wodwala angaone yekha

Makina a eko ndi anthu odziwa kuwagwiritsa ntchito sapezeka pachipatala chilichonse, choncho maso a wodwala ndi omusamalira ali ndi ntchito. Zizindikiro zake ndi phuma pa ntchito imene kale inali yopepuka, kulephera kugona osatsamira mapilo awiri kapena atatu, kudzidzimuka usiku mpweya utathawa, mapazi otupa amene ukadina ndi chala pamatsala dzenje, ndi kukwera sikelo makilogalamu awiri m'masiku atatu, amene ndi madzi odzaza m'thupi. Kuchepa kwa magazi ndi chifuwa chachikulu zimabweretsanso phuma lotere, n'chifukwa chake pamafunika kuyezedwa m'malo mongoganizira.

Wolandira mankhwala ofiira apemphe kuti m'buku lake la kuchipatala mulembedwe zinthu zitatu: dzina la mankhwala, mlingo wonse wowonkhetsa, ndi nambala ya eko pamodzi ndi tsiku lake. Bukulo lisatayike ngakhale litadzaza. Khansa ikadzabwerera, dokotala adzafuna kudziwa kuti mtima watsala ndi malo a mankhwala ochuluka bwanji. Mtsikana amene anachira khansa ali mwana adzafunika kuyezedwa mtima akadzakhala woyembekezera, chifukwa mimba imawonjezera magazi oti mtima upope. Ndipo kwa aliyense amene wamaliza kemo yotere, ulendo wa eko m'chaka choyamba uwerengedwe ngati gawo la chithandizo, ndalama yake yoyendera isungidwe padera kuyambira tsiku lolandira jakisoni womaliza.