Zilembo zoyera pa batani la lalanje: masamu amene amaweruza ngati ziwerengeka

Amene amakonza mawebusaiti ndi mapulogalamu a pafoni amakonda batani la mtundu wa lalanje lolembedwa ndi zilembo zoyera. Pasikirini ya wokonzayo, m'chipinda cha mthunzi, batanilo limaoneka lokongola ndithu. Koma likafika pafoni ya agogo amene maso awo ayamba kuchita ng'ala, kapena ya munthu amene waima padzuwa la mu Okutobala, mawu aja amasungunukira m'mtundu wa kumbuyo kwake. Vutoli limatha kudziwika tsamba lisanatuluke, chifukwa pali masamu oliyezera.

Masamuwo ali m'malangizo otchedwa WCAG, amene bungwe la W3C limatulutsa pofuna kuti masamba a pa intaneti azigwiritsidwa ntchito ndi aliyense, kuphatikizapo anthu osaona bwino. Njira yoyezera imeneyi inalowa m'malangizo a 2008, ndipo a 2018 ndi a 2023 anaisunga. Mfundo yake ndi imodzi: chimene chimathandiza diso kulekanitsa chilembo ndi malo amene chagonapo ndi kusiyana kwa kuwala kwa mitundu iwiriyo. Mitundu ikhoza kusiyana kwambiri dzina, koma ngati ikuwala mofanana, kuwerenga kumavuta.

Zotsatira za muyesowu zimalembedwa ngati manambala awiri oyerekezedwa. Zoyera pa zoyera ndi 1:1, kutanthauza kuti palibe chooneka. Zakuda pa zoyera ndi 21:1, ndipo pamenepo ndi pamapeto. Pa mlingo wa AA, umene anthu ambiri amatsata, zilembo wamba ziyenera kufika pa 4.5:1. Zilembo zazikulu, zoyambira mapointi 18, kapena mapointi 14 ngati zili zonenepa, zimaloledwa pa 3:1. Mlingo wokhwima wa AAA umafuna 7:1 pa zilembo wamba. Nambala ya 4.5 sinangolotedwa: inapezeka potenga 3, amene amakwanira munthu woona bwino, n'kuchulukitsa ndi 1.5 pofuna kuganizira maso amene afooka monga amachitira muukalamba.

Tiyeni tiliyeze batani lija. Sikirini imapanga mtundu uliwonse posakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, ndipo kulikonse kumakhala ndi nambala yoyambira pa 0 kulekeza pa 255. Lalanje lathu okonza masamba amalilemba kuti `#FF8C00`, kutanthauza kofiira 255, kobiriwira 140, kwabuluu 0.

Poyamba timagawa nambala iliyonse ndi 255. Kofiira kukhala 1, kobiriwira 0.549, kwabuluu 0. Manambala amenewa sanayambebe kunena kuwala kwenikweni, chifukwa sikirini siwala mofanana ndi mmene nambala ikukwerera. Mukaipatsa theka la 255, imatulutsa kuwala kongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo asanu. Choncho nambala iliyonse iyenera kuwongoledwa. Amene ali ndi Excel akhoza kuika nambala yoyambirira ija mu `A1` n'kulemba izi:

```
=IF(A1/255<=0.04045, A1/255/12.92, ((A1/255+0.055)/1.055)^2.4)
```

Pa lalanje lathu, 1 akhalabe 1, 0 akhalabe 0, koma 0.549 atsika kufika pa 0.262.

Kenako timaphatikiza atatuwo, koma osati mofanana, popeza diso la munthu limamva kuwala kobiriwira kwambiri, kofiira pang'ono, kwabuluu pang'onong'ono:

```
L = 0.2126*R + 0.7152*G + 0.0722*B
```

Kofiira kubweretsa 0.2126, kobiriwira 0.1875, kwabuluu osabweretsa kanthu. Kuwala kwa lalanje ndi 0.400. Kwa mtundu woyera ndi 1, kwa wakuda ndi 0.

Chotsala ndi kuyerekeza. Mtundu wowala kwambiri ndi `L1`, winawo ndi `L2`:

```
(L1 + 0.05) / (L2 + 0.05)
```

Ka 0.05 kaja kakuimira kuwala kwa m'chipinda kumene kumagwa pagalasi la sikirini, chifukwa mtundu wakuda wa pasikirini suda kotheratu. Tikagawa 1.05 ndi 0.450 tipeza 2.33. Batani lija lalephera. Silinafike ngakhale pa 3:1 wa zilembo zazikulu, ndiye kukulitsa mawu sikungalipulumutse.

Njira zokonzera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusiya lalanje mmene lilili n'kusintha zilembo kuti zikhale zakuda: 0.450 kugawa ndi 0.05 ndi 9, ndipo batanilo ladutsa ngakhale mlingo wa AAA. Ngati mwini tsamba waumirira zilembo zoyera, ndiye lalanjelo liyenera kuda. Lide mpaka pati? Masamu omwewo atiuza tikawayendetsa chammbuyo. Tigawe 1.05 ndi 4.5, tichotse 0.05, tipeza 0.183. Mtundu uliwonse wofuna kunyamula zilembo zoyera usawale kuposa pamenepa. Tikayesa `#C45500`, kuwala kwake ndi 0.182, ndipo zotsatira ndi 4.52:1. Wadutsa, ngakhale kuti tsopano wayamba kufanana ndi njerwa yootcha. Umenewo ndiye mtengo wake, ndipo mwini tsamba ayenera kuudziwa asanasankhe.

Kulemera kosiyana kwa mitundu itatu ija kumafotokoza zolakwika zimene zimabwerabwera. Chikasu chenicheni chimapangidwa ndi kofiira ndi kobiriwira kodzaza, choncho chimawala pafupifupi ngati choyera, ndipo awiriwa akakumana amangopereka 1.07:1. Buluu weniweni ndi wakuda m'kuwala kwake: pa zoyera amapereka 8.59:1, koma pa zakuda 2.44:1 basi. Zofiira zenizeni pa zobiriwira za `#008000` zimapereka pafupifupi 1.3:1. Munthu woona bwino amazilekanitsa movutikira, pamene amene maso ake sasiyanitsa bwino zofiira ndi zobiriwira amasowa pogwira.

Pamalire pamafunika kukhwimitsa dzanja. Zilembo zotuwa za `#777777` pa zoyera zimapereka 4.48:1. Wina akhoza kunena kuti ndi 4.5 yemweyo, koma muyesowu sulola kukokera nambala m'mwamba, ndipo mtunduwo walephera. Mnzake `#767676`, amene diso silingamusiyanitse naye, amapereka 4.54:1 n'kudutsa. Wanzeru sakhala pamalire penipeni, amasiyako mpata.

Chinanso chimene chimasokoneza ndi kuyeza mtundu wolakwika. Zilembo zikakhala pachithunzi, kumbuyo kwake kumasinthasintha, ndiye muyese pamalo pamene chithunzicho chayandikana kwambiri ndi mtundu wa zilembo, kapena muike kachigamba ka mtundu umodzi pansi pa mawuwo. Ngati mtundu uli woonekera mkati, muyese umene ukutuluka pasikirini utasakanikirana kale ndi wapansi pake. Batani limene limasintha mtundu munthu akaliloza liyesedwe m'maonekedwe onse awiri. Malire a mabokosi olembamo ndi tizizindikiro tofunika timafuna 3:1, pamene chizindikiro cha kampani ndi batani lozimitsidwa sizimangidwa ndi lamuloli.

Simukakamizidwa kuwerengetsa pamanja nthawi zonse. Chida cha WebAIM Contrast Checker chimalandira mitundu iwiri n'kupereka yankho, ndipo DevTools ya mu Chrome imaonetsa nambalayo mukasankha mtundu wa zilembo. Komabe nambalayo ili ndi zimene siiona. Siidziwa ngati zilembo zili zowonda ngati ulusi, siidziwa kuti foni ili padzuwa, ndipo imapereka yankho lomwelo mukasinthanitsa mtundu wa zilembo ndi wa kumbuyo, pamene diso silimva chimodzimodzi. Imakondanso kuchitira chifundo mitundu iwiri yakuda, moti tsamba lakuda likhoza kudutsa koma n'kutopetsabe maso. Choncho 4.5:1 muitenge ngati poyambira. Pa zilembo zowonda, zazing'ono, kapena pa tsamba lakuda, kwerani kuyandikira 7:1, kenako mutsegule tsambalo pafoni yotsika mtengo, panja, muone ngati mawu akuwerengeka.