Katundu akamatsika pa kileni, mphamvu imapita kuti?

Amene anaimapo pachigayo cha magetsi akudziwa kuti wogayitsa akazimitsa, chigayo sichiima pompo. Zitsulo za m'kati zimapitiriza kulira kwa kanthawi, chifukwa chinthu cholemera chikayamba kuzungulira chimasunga mphamvu, ndipo mphamvuyo siyitha yokha mpaka itapeza kolowera. Pachigayo timangodikira. Koma pa kileni yomwe ikutsitsa matani asanu pamwamba pa mitu ya anthu, kudikira kulibe. Mphamvuyo iyenera kupatsidwa njira.

Chinsinsi chili mu mota momwemo. Magetsi a m'mafakitale ku Malawi ndi a mavoti 400, ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Pa magetsi otere, maginito a m'kati mwa mota wamba wa mapolo anayi amazungulira ka 1,500 pa mphindi. Pokweza katundu, shafiti imatsalira pang'ono, mwina ka 1,450, ndipo mota amadya magetsi. Potsitsa zinthu zimatembenuka. Katundu ndiye amakoka mota, shafiti nkupitirira maginito aja, mwina kufika ka 1,550. Pamenepo mota wasanduka jenereta: akutulutsa magetsi, ndipo kutulutsako ndi kumene kumagwira katundu kuti asathamange.

Tiyerekeze kileni yotsitsa makilogalamu 5,000 kuchokera pa mamita 12, pa liwiro la mamita 0.2 pa sekondi. Ulendowo utenga mphindi imodzi. Mphamvu yake timaipeza motere: P = m × g × v, kutanthauza 5,000 × 9.81 × 0.2, zomwe zikupereka makilowati 9.8. Ina itayika mu giyabokosi, m'zingwe ndi mu mota, ndiye tinene kuti yobwerera ndi makilowati 8. Imeneyi ndi mphamvu yokwana kuyatsa maketulo anayi a magetsi nthawi imodzi.

Makileni ambiri a masiku ano amayendetsedwa ndi bokosi losintha liwiro la mota, lomwe amisiri amati dilayivu. Pakhomo pa dilayivu wamba pali madayodi, omwe amalola magetsi kulowa koma osatuluka. Choncho makilowati 8 aja akabwerera amapeza khomo lotseka, nkuunjikana m'makapasita a pakati pa dilayivu. Makapasitawo nthawi zonse amakhala pa mavoti pafupifupi 560, ndipo malo awo ndi ochepa kwambiri moti sekondi isanathe amakhala atadutsa 800. Dilayivu imadziteteza pozima, pagalasi pake nkulemba uthenga wonga `DC bus overvoltage`, kapena `OV` basi. Dilayivu ikamazima potsitsa katundu kapena poimitsa makina, koma pokweza ikuyenda bwinobwino, vuto lili pamenepa.

Njira yoyamba ndi kuotcha mphamvuyo, yomwe amisiri amati buleki ya dayinamiki. Mu dilayivu mumakhala kaswichi kothamanga kotchedwa chopa. Mavoti akakwera kufika cha m'ma 750, chopa imatsegulira magetsi kupita ku rezisita, yomwe ndi waya kapena zitsulo zotentha ngati za mbaula ya magetsi. Mavoti akatsika imatseka, ndipo imachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi. Mphamvu ya katundu imathera mu mpweya ngati kutentha.

Kusankha rezisita ndi pamene ambiri amapunthwa. Lamulo lake ndi R = V² / P. Pa kileni yathu, 750 × 750 kugawa ndi 8,000 kukupereka ma ohomu 70. Rezisita yoposa pamenepo singameze mphamvu yonse, ndipo dilayivu izizimabe. Popeza poimitsa katundu wotsika mphamvu imakwera kwa kanthawi, mmisiri wanzeru atenga ya ma ohomu 47, yomwe ingalandire makilowati 12. Koma asatsike kupitirira malire olembedwa m'buku la dilayivu, chifukwa rezisita yochepetsetsa imakoka magetsi ambiri nkupsereza chopa. Funso lina ndi la nthawi. Ngati kileni imatsitsa kwa mphindi imodzi pa mphindi zisanu zilizonse, pakatikati pake ndi makilowati 1.6 okha, komabe rezisita iyenera kupirira makilowati 8 kwa mphindi yathunthu. Yogulidwa poyang'ana 1.6 yekhayo ikhoza kufiira. Zizindikiro zake ndi fungo la kupsa, utoto wosintha mtundu pabokosi, ndi swichi yoyeza kutentha yomwe imangodula. Rezisita ikhale panja pa kabati, pomwe pali mpweya, kutali ndi fumbi la ufa, thonje kapena utuchi.

Njira yachiwiri ndi kubweza mphamvuyo kumene inachokera, yomwe amati buleki ya rijenaretivu. M'malo mwa madayodi, pakhomo pa dilayivu pamaikidwa maswichi a matiranzisita omwe amalola magetsi kupita mbali zonse ziwiri. Magetsi obwererawo amakonzedwa kuti agwirizane ndi a pa waya, amasefedwa, kenako makina ena a m'fakitale momwemo amawagwiritsa ntchito. Dilayivu yotere ndi yokwera mtengo, ndiye funso ndi loti ibweza liti ndalama zake.

Pa kileni yathu, ulendo umodzi wotsitsa umabweza gawo lochepa la yuniti, pafupifupi 0.13. Maulendo 100 pa tsiku ndi mayunitsi 13 basi. Apa rezisita ikukwanira. Nkhani imasintha m'mafakitale a shuga ngati a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, komwe shuga amalekanitsidwa ndi molasesi m'mbiya zazikulu zachitsulo zozungulira mwamphamvu. Mbiya yotere imadzazidwa, imathamanga kufika cha m'ma 1,000 pa mphindi, imachepetsa liwiro kuti akhuthule shuga, nkuyambiranso, mwina ka 20 pa ola. Tiyerekeze kuti mbiya yodzaza ikusunga yuniti imodzi ndi theka pa ulendo. Pa ola ndi mayunitsi 30, usana ndi usiku, nyengo yonse yogaya nzimbe. Kuotcha zimenezo pa rezisita ndi kutaya ndalama, komanso kusandutsa chipinda cha magetsi uvuni. Nchifukwa chake makina otere kawirikawiri amabweza magetsi, ndipo mbiya amaziyendetsa mosinthana kuti ina ikamaima, mphamvu yake ithandize inzake yomwe ikuyamba.

Kubweza magetsi kuli ndi malire omwe ife kuno sitingawanyalanyaze. Kumafuna wolandira. Magetsi a ESCOM akazima, dilayivu ilibe kotumiza mphamvu. Fakitale ikakhala pa jenereta ya dizilo, zinthu zimavutanso, chifukwa injini ya dizilo singasandutse magetsi kukhala mafuta. Ngati makina ena oyaka nthawi imeneyo akudya zochepa kuposa zomwe kileni ikubweza, jenereta imakankhidwa, liwiro lake limakwera, ndipo chitetezo chake chimaidula. Choncho malo odalira jenereta amaika rezisita pambali, ngakhale dilayivu yawo ili yobweza.

Njira ziwirizi zili ndi chofooka chimodzi: zimadalira dilayivu yamoyo. Rezisita imagwira ntchito pokhapokha shafiti ikuzungulira, ndipo singasunge katundu m'malere magetsi atapita. Ntchito imeneyo ndi ya buleki ya mapadi, yomwe masipuling'i amaitseka ndipo magetsi amaitsegula. Magetsi akazima, masipuling'i amagwira okha. Pa kileni yokonzedwa bwino, mota ndiye amachepetsa liwiro mpaka katundu ataima, mapadi nkungobwera kudzasunga. Mmisiri akapeza mapadi akutha mwezi ndi mwezi, ndi fumbi lakuda pansi pa buleki, asathamangire kusitolo. Ayambe wayeza ma ohomu a rezisita, atazimitsa magetsi ndi kudikira kuti makapasita atsike, chifukwa mwina inaduka kalekale, ndipo mapadi akhala akusenza okha matani asanu.