Akadandaula za nkhanza kuntchito, msungeni mpaka kafukufuku athe

Mayi akalimba mtima n'kukanena kuti bwana wake akumukakamiza chibwenzi kapena akumugwiragwira, anthu ambiri amayesa kuti gawo lovuta latha. Koma omwe adadutsamo amadziwa kuti mavuto enieni amayamba m'mawa wotsatira, pomwe wodandaulayo amayenera kubwerera pamalo omwe aja n'kukapatsa moni munthu yemwe wamunenera uja.

Kafukufuku wa nkhani zotere sachedwa kutenga miyezi. Amayi 36 omwe adasumira kampani ya Camellia ku Britain, podandaula za kugwiriridwa ndi nkhanza zina m'minda ya tiyi ya Eastern Produce Malawi ku Mulanje ndi ku Thyolo, adayamba mlandu wawo mu 2019. Nkhaniyo idatha mu February 2021 pomwe mbali ziwirizi zidagwirizana kunja kwa khoti, kampaniyo osavomera kulakwa. M'mwezi wotsatira, March 2021, bungwe la Malawi Human Rights Commission lidatulutsa lipoti lomwe lidapeza kuti amayi ena ku wailesi ya boma ya MBC adachitiridwa nkhanza zokhudza kugonana.

Nkhani ziwirizi zidamveka dziko lonse kaamba ka mathero ake. Chomwe sichikambidwa kawirikawiri ndi moyo wa wodandaula m'kati mwa kudikirako. Amadya chiyani? Amakhala pati? Amalankhula ndi yani?

Funsoli ndi lolemera kwambiri m'madera ngati a m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhotakota. Kuyambira ku Chia, paboma mpaka ku Dwangwa, malo olembedwa ntchito ndi owerengeka: minda ya nzimbe, malo ogona alendo, sukulu, zipatala, zigayo zampunga ndi maofesi aboma. Anthu amadziwana. Wodandaula ndi wodandaulidwa amagula usipa pamsika umodzi, ana awo amaphunzira sukulu imodzi, ndipo nthawi zina nyumba zomwe akukhala ndi za kampani imodzi. Kuthawa kulibe.

Zomwe lamulo likunena

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana ndipo wopezeka wolakwa atha kulipira chindapusa cha K1 miliyoni ndi kukakhala kundende zaka zisanu. Gawo 7 la lamuloli likufuna kuti olemba anthu ntchito akhale ndi ndondomeko yoyendetsera madandaulo mwachangu, mosamala komanso mwachinsinsi, ndi kuteteza wodandaula kuti asabwezeredwe choipa. Likufunanso kuti pakhale munthu wosankhidwa, yemwe sali mumzere wa mabwana a wodandaulayo, woti angapiteko kukalandira uphungu mwachinsinsi.

Kuti izi zimveke bwino, tiyerekeze za mayi wina wolandira alendo pamalo ena ogona m'mbali mwa nyanja. Wagwirapo zaka zitatu, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo amalandira K50,000 pa sabata. Wadandaula za kapitawo wake, yemwe amalemba ndandanda ya mashifiti. Kafukufuku akuoneka kuti atenga miyezi inayi.

Tchuthi chisakhale chilango

Mabwana ambiri akamva dandaulo amathamangira kunena kuti mayi apite kaye akapume. Mawuwa amamveka achifundo, koma funso ndi lakuti tchuthicho chichokera pa thumba la yani.

Malinga ndi lamulo la Employment Act la 2000, wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi cha pachaka, omwe ndi masabata atatu. Akadwala, ndipo dokotala wovomerezeka n'kulemba kalata, ali ndi masabata anayi olandira malipiro onse ndi ena asanu ndi atatu olandira theka, bola akhale atakwanitsa miyezi 12 pantchitopo.

Tikaphatikiza zonsezi, mayi uja ali ndi masabata 15, pomwe miyezi inayi ili ndi masabata pafupifupi 17. Tchuthi chake chitha kafukufuku asadathe. Kuonjezera apo, m'masabata asanu ndi atatu a theka aja akhala akutaya K25,000 sabata iliyonse, kutanthauza K200,000 yonse pamodzi. Wodandaulidwa uja akulandira zonse. Apa wolangidwa ndani?

N'chifukwa chake njira yabwino ndi yakuti kampani ipereke tchuthi chapadera cholipidwa, chosachotsera pa masiku ake a pachaka kapena a matenda. Chilembedwe pakalata, ndi tsiku loyambira komanso lobwerera. Chikhale chachifupi, monga sabata imodzi kapena ziwiri, makamaka masiku oyandikana ndi tsiku lokapereka umboni, pomwe mtima umakhala m'mwamba.

Ndipo afunsidwe kaye. Ena safuna kukhala pakhomo chifukwa kumeneko ndiko mafunso amachuluka: apongozi ndi anansi amafuna kudziwa chomwe chawakhazika pansi. Tchuthi chachitali chokakamiza chimauzanso anzake kuntchito kuti iyeyo ndiye wachotsedwa.

Anthu olembedwa ntchito ya panyengo, monga ambiri m'minda ya nzimbe, ali pachiopsezo china. Yemwe sadakwanitse miyezi 12 alibe tchuthi cha matenda chotchulidwa m'lamulo chija, ndipo mantha ake aakulu ndi akuti nyengo yotsatira dzina lake silidzatuluka. Kwa wotere chitetezo chenicheni ndi kalata yomutsimikizira kuti dandaulo lake silidzakhudza kulembedwanso kwake, komanso kuti wodandaulidwayo sadzakhala nawo posankha maina.

Asunthe ndani?

Pa kusintha malo okhala, mfundo ndi imodzi: wosuntha akhale wodandaulidwa, pokhapokha wodandaula atapempha yekha kuti amusinthe.

M'chitsanzo chathu, kumuchotsa mayi uja pa tebulo lolandirira alendo n'kumuika kochapa zofunda kungaoneke ngati kumuteteza, koma kwamutsitsa pamaso pa anthu. Chofunika ndi kumulanda kapitawo uja ndandanda ya mashifiti, kupatsa mayiyu bwana wina womusainira tchuthi ndi kumuyang'anira, ndi kuika kapitawoyo pa shifiti ina. Ngati malo ndi ochepa moti sangaleke kukumana, kampani itha kumuimitsa kaye wodandaulidwayo akulandira malipiro ake. Kalata inene momveka kuti uku si kumugamula, pakuti naye ali ndi ufulu womvedwa asadaweruzidwe.

Mpando wokha sukwanira. Mabwana aganizirenso za galimoto yonyamula antchito usiku, chipinda chodyera, ndi njira yopita kunyumba za kampani. Wodandaulidwa auzidwe polemba kuti asamuimbire foni, asamutumizire uthenga, ndiponso asatume mkazi wake, m'busa kapena ankhoswe kukapepesa. Kwathu kuno ambiri amatopetsedwa ndi nthumwi zoterezi, zobwera madzulo ndi mawu akuti tikambirane pachibale.

Zizindikiro zakuti chitetezo chalephera sizivuta kuona. Wodandaula amayamba kupatsidwa mashifiti oipa okhaokha, ovataimu imauma, makalata a chenjezo amayamba kubwera pa zinthu zomwe kale sizinali mlandu, ndipo anzake amasiya kudya naye. Lamulo la ntchito lija limati kudandaula motsutsana ndi olemba ntchito pa zophwanya malamulo si chifukwa chochotsera munthu, ndipo yemwe wasiya ntchito kaamba koti bwana wapangitsa malowo kukhala osapiririka atha kudandaula kuti wachotsedwa mopanda chilungamo. Ofesi ya zantchito ya paboma ndi khoti la Industrial Relations Court ndiwo amaona nkhani zotere.

Phungu si wofufuza

Uphungu umasokonekera pomwe munthu mmodzi wavala zipewa ziwiri. Wofufuza ntchito yake ndi kufunsa mafunso olimba ndi kulemba lipoti. Phungu ntchito yake ndi kumvetsera ndi kuthandiza munthu kuti agone tulo, adye ndi kupirira. Wodandaula akadziwa kuti zomwe walira nazo kwa phungu zikathera mufayilo ya abwana, amatseka pakamwa.

Ngati kampani ilibe phungu, ilipire thiransipoti ndi kupereka nthawi yoti akaonane naye kunja, m'maola antchito, popanda kudula malipiro. Chipatala cha boma cha Nkhotakota ndi nthambi ya Victim Support Unit kupolisi ndi malo oyambira, ndipo a Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza pa matenda a maganizo. Kukumana kamodzi sikokwanira pa nkhani ya miyezi inayi; pakhale masiku okhazikika, monga kamodzi pa masabata awiri.

Ngati munthu wagwiriridwa, kuchipatala n'koyamba ndipo sikudikira kafukufuku wa kampani. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asadathe. Lamulo la 2013 lija likunenanso kuti munthu sayenera kudikira kuti ndondomeko ya kuntchito ithe kaye asadapite kupolisi kapena kukhoti.

Apabanja nawo akhale tcheru. Kusowa tulo kwa masabata, kuonda, kunjenjemera nthawi yopita kuntchito ikakwana, kuyamba mowa, makamaka mawu akuti kuli bwino kungofa, ndi zizindikiro zofuna achipatala tsiku lomwelo.

Chinsinsi chili ndi malire

Palibe angalonjeze kuti dzina silidzadziwika ndi wina aliyense. Wodandaulidwa ayenera kuuzidwa mlandu wake kuti ayankhe, mboni ziyenera kufunsidwa, ndipo phungu naye atha kuulula ngati moyo wa munthu uli pachiswe. Wodandaula auzidwe zimenezi tsiku loyamba, asadzazione ngati chinyengo pambuyo pake.

Chomwe chingatheke ndi kuchepetsa makutu. Maina a ololedwa kuona fayilo alembedwe, ndipo asapose atatu kapena anayi. Fayiloyo ikhale ndi nambala m'malo mwa dzina, itsekeredwe, ndipo wofufuza atayipe yekha makalata. Wowerengera malipiro angodziwa kuti tchuthi chavomerezedwa, osati chifukwa chake. Misonkhano isachitikire muofesi yomwe aliyense akuona wolowa ndi wotuluka, ndipo mboni iliyonse ichenjezedwe kuti kutulutsa nkhaniyi, kaya pa WhatsApp kaya pamsika, ndi mlandu paokha.

Koma chinsinsi chisasanduke chingwe chomangira wodandaula pakamwa. Ali ndi ufulu wouza mwamuna kapena mkazi wake, dokotala, loya ndi mtsogoleri wa bungwe la antchito.

Chomaliza ndi chosafuna ndalama: kumuuza pomwe nkhani yafika. Munthu mmodzi asankhidwe woti azikumana naye pa masabata awiri alionse, ngakhale patakhala kuti palibe chatsopano, n'kumufunsa ngati zomwe adakonza zija zikugwira ntchito. Wodandaula yemwe watha mwezi osamva kanthu amaganiza kuti nkhani yakwiriridwa, ndipo ambiri amalemba kalata yosiya ntchito pa nthawi imeneyi. Akachoka, umboni umafooka, ndipo antchito ena omwe amaonerera amatengapo phunziro lakuti kuli bwino kungokhala chete.