Mwana Wathu Akuthamanga Tsiku Lililonse, Nanga Bwanji Mphamvu Zikuchepa?

Kuno ku Karonga anyamata ambiri amalakalaka kudzavala yunifolomu ya Karonga United ndi kusewera pa Karonga Stadium. Ife makolo timakondwa tikamaona mwana akudzuka m'mamawa kukathamanga pamchenga wa kunyanja. Koma pali chinthu chimene ambirife sitichidziwa: thupi silikhwima pa nthawi imene munthu akuthamanga. Limakhwima pamene akupuma.

Wosewera akathamanga mwamphamvu, minofu yake imang'ambika pang'onopang'ono m'kati mosaoneka ndi maso, ndipo shuga amene thupi limasunga m'minofumo amatha. N'chifukwa chake munthu amachoka pabwalo ali wofooka kuposa mmene anafikira. Akadya ndi kugona, thupi limakonza mong'ambikamo ndi kumangamo molimba kuposa kale. Kubwezeretsa shuga uja kumatenga pafupifupi maola 24 ngati munthu wadya mokwanira, pamene minofu imafuna maola 48 mpaka 72 pambuyo pa masewero a mphindi 90. Akabwerera msanga pabwalo, amang'amba pamene sipanapole.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 17 wa ku Chilumba. Lolemba mpaka Lachisanu amathamanga m'mawa, madzulo ali pabwalo. Loweruka ndi Lamulungu amasewera mipikisano. Masiku ena usiku amapalasa bwato kuthandiza bambo ake kupha usipa, n'kugona maola asanu okha, chonsecho wa msinkhu wake amafunika maola 8 mpaka 10. Thupi silisiyanitsa kupalasa ndi mpira. Zonse ndi katundu amene lasenza. Masabata oyamba amaoneka kuti akupita patsogolo. Pakatha mwezi miyendo imayamba kulemera, ndipo anzake amene ankawasiya kumbuyo amayamba kumupitirira. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amati waulesi, n'kumuwonjezera zothamanga.

Chizindikiro chachikulu ndi chimenechi: akulimbikira kuposa kale koma akusewera moipa kuposa kale. Zina zimaonekera pakhomo. Amakhala wotopa koma tulo osabwera, nsima amangoigwira pang'ono, sachedwa kupsa mtima, chimfine sichimuchoka, ndipo mpira umene ankaukonda umayamba kumutopetsa. Kwa atsikana a ntchembere mbaye ndi a mpira wamiyendo, kusiya kusamba kwa miyezi itatu ndi chenjezo lofunika kupita nalo kuchipatala.

Pali muyeso wosalira ndalama. Akangodzuka, asanatsike pogona, aike zala ziwiri pamtsempha wa padzanja, awerenge kugunda kwa mtima kwa masekondi 30, kenako achulukitse kawiri ndi kulemba m'kope. Akatero sabata yathunthu adzadziwa nambala yake ya masiku onse. Ngati mnyamata uja amapeza 56, koma kwa masiku atatu otsatizana akupeza 65 kapena 66, thupi lake silinachire. Nambala ya tsiku limodzi isatidabwitse, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala komanso kusamwa madzi okwanira zimakwezanso kugunda kwa mtima.

Tisafulumirenso kunena kuti ndi kutopa chabe. Kuno kunyanja malungo ndi likodzo zimachepetsa magazi, ndipo zimafooketsa wosewera mofananamo. Ngati thupi likutentha, mumkodzo muli magazi, kapena zikhatho zayera, akayezedwe kaye kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha boma la Karonga. Chimodzimodzinso ululu wa pamalo amodzi pafupa la msongolo umene umakula akamathamanga: fupalo likhoza kukhala kuti layamba mng'alu.

Akapezeka kuti alibe matenda, mankhwala ake ndi kupuma. Mnyamata wathu asiye mpira masiku atatu kapena anayi, azigona mokwanira, azidya kondowole, mpunga kapena nthochi zophika pamodzi ndi usipa kapena nyemba. Kenako ayambe ndi theka la zimene ankachita. Sabata yake ikhale ndi masiku awiri okha olimba, monga Lachiwiri ndi Lachinayi, ena akhale opepuka, masewero akhale amodzi Loweruka, ndipo Lamulungu apume kotheratu. Usiku umene wagwira ntchito panyanja uwerengedwe ngati tsiku lolimba.

Vutoli likadziwika msanga, mphamvu zimabwerera pakadutsa sabata imodzi kapena awiri. Likanyalanyazidwa, kuchira kumatenga miyezi, ndipo mwana akhoza kuphonya chaka chonse cha mpira. Choncho tikamuona ali gone pamphasa tsiku lake lopuma, tisamunene ulesi, komanso tisamutume kukakoka makoka poganiza kuti alibe chochita. Tikambirane ndi mphunzitsi wake za ntchito zimene amagwira pakhomo, pakuti mphunzitsi amaona za pabwalo zokha, ife ndi amene timaona za tulo ndi za pambale.