Yankho la Kakyuleta Lithere Pati?

Mu gawo la fizikisi lofotokoza kayendedwe ka zinthu ndi mphamvu zozikankha kapena kuzikoka, yankho lomaliza limayenera kukhala ndi manambala okhawo amene muyezo ungawaikire umboni. Amenewa amatchedwa manambala odalirika. Kakyuleta sadziwa ngati chinthu chinayezedwa mosamala kapena mongoyerekeza. Iye amangodzaza malo onse amene ali nawo, ndipo ntchito yosankha pothera yankho imatsalira munthu.

Mwala woponyedwa m'chitsime ukuonetsa bwino nkhaniyi. Kuchokera pakamwa pa chitsime kufika pamadzi payezedwa ndi chingwe, ndipo papezeka mamita 12. Mwalawo wangotayidwa osaukankha. Nthawi imene ungatenge kuti ufike pamadzi imapezeka ndi fomyula t = √(2h/g), pamene h ndi kuya kwa chitsime, ndipo g ndi mlingo umene liwiro la chinthu chakugwa limawonjezekera pa sekondi iliyonse, womwe kawirikawiri umatengedwa kuti ndi 9.8 m/s². Kakyuleta amapereka masekondi 1.5649216.

Nambala imeneyi ikulonjeza zambiri kuposa zimene chingwe chija chingakwanitse. Muyezo wa mamita 12 wotengedwa motere umangotanthauza kuti kuya kwenikweni kuli penapake pakati pa mamita 11.5 ndi 12.5. Malire awiriwa akalowetsedwa mu fomyula, nthawi imatuluka pakati pa masekondi 1.53 ndi 1.60. Choncho ngakhale nambala yachiwiri ikugwedera kale, ndipo zonse zotsatira pambuyo pake ndi zokongoletsa chabe. Yankho loyenera ndi masekondi 1.6.

Lamulo lake ndi lakuti pochulukitsa kapena kugawa, yankho limatenga kuchuluka kwa manambala odalirika a muyezo wofooka kwambiri. Pano 12 ali ndi awiri, 9.8 alinso ndi awiri, ndiye yankho likhale ndi awiri. Nambala 2 ya mu fomyula siwerengedwa, chifukwa sinachokere pa kuyeza. Pofupikitsa, nambala yoyamba mwa zotayidwa ndiyo imaonedwa: ikakhala 5 kapena kuposa, yotsalira kumapeto imakwera ndi imodzi, ndipo ikachepera pa 5 yotsalirayo imakhala momwemo.

Nayenso g ali ndi malire ake. Mlingo umene mayiko anagwirizana mu 1901 ndi 9.80665 m/s², koma padziko g sali chimodzimodzi paliponse. Ku ikweta ali pafupifupi 9.78, pamene kumapeto a dziko kumpoto ndi kummwera amafika pafupifupi 9.83. Pa chitsime chija, kuika 9.78 m'malo mwa 9.8 kumasintha yankho la manambala atatu kuchoka pa 1.56 kufika pa 1.57. Fomyulayo siwerengeranso kukana kwa mpweya. Wolemba manambala asanu ndi atatu ndiye kuti akunena kuti zonsezi anaziyeza, pamene sanatero.

Cholakwika chachiwiri, chomwe chimawononga kwambiri, ndicho kufupikitsa msanga. Funso likapitirira kuti mwalawo ukufika pamadzi ndi liwiro lotani, fomyula ndi v = gt. Wotenga 1.6 wofupikitsidwa uja amapeza 15.68, n'kulemba mamita 16 pa sekondi. Wotenga nambala yonse ya pa kakyuleta amapeza 15.336, yomwe ndi mamita 15 pa sekondi. Njira ina yosadzera konse pa nthawi, v = √(2gh), imaperekanso 15.336, kusonyeza kuti 16 uja anabadwa chifukwa chodula nambala ntchito ili mkati. N'chifukwa chake kufupikitsa kumachitika kamodzi kokha, kumapeto. Mkati mwa ntchito nambala imasungidwa yonse mu kakyuleta, kapena imalembedwa ndi manambala awiri owonjezera.

Ziro amasokoneza ambiri. Mu 0.050 maziro otsogola amangosonyeza malo, ndipo odalirika ndi awiri, 5 ndi ziro womaliza. Kulemba 12.0 n'kosiyana ndi kulemba 12, chifukwa ziroyo akunena kuti kuyako kunayezedwa ndi tepi mpaka pa gawo limodzi mwa magawo khumi a mita, ndipo pamenepo yankho la manambala atatu lingaloledwe ngati g nayenso ali ndi atatu. Nambala ngati 1200 siulula ngati maziro ake anayezedwa, choncho imalembedwa 1.2 × 10³ pamene odalirika ndi awiri okha.

Pophatikiza ndi pochotsera lamulo limasintha, chifukwa chowerengedwa ndi malo a pambuyo pa kadontho. Thumba lolemera makilogalamu 12.4 likamangidwa ndi chingwe cha makilogalamu 0.035, zonse pamodzi zimalembedwa 12.4, osati 12.435, popeza sikelo ya thumbayo sinaone kupyola malo amodzi. Kuchotsera manambala oyandikana kumadya kudalirika koposa: 12.46 kuchotsapo 12.41 kumasiya 0.05, nambala imodzi yokha yodalirika kuchokera pa miyezo iwiri ya manambala anayi, ndipo chilichonse chowerengedwa kuchokera pa 0.05 ameneyo chimathera pa nambala imodzi.