Marupi asanu amene anabweza kalata m'thumba

Kalata yanga yopempha tchuthi inakhala m'thumba la jekete milungu itatu, mpaka m'makona mwake munada ndi thukuta. Mmawa uliwonse ndili m'minibasi ndinkayeserera chamumtima mawu oti ndikanene: ndikagogoda, ndikapereka moni, ndikaika kalata patebulo, ndikanena kuti chaka chatha sindinapume. Tsiku lina ndinafikadi pakhomo la abwana. Iwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nati, "Ee, zikuyenda?" Ine pakamwa panangotuluka kuti, "Ayi bwana, ndimati ndifunse ngati mwasainira mafayilo aja." Ndinatuluka kalata ikadali m'thumba.

Mwina n'chifukwa chake nkhani yaifupi ya R. K. Narayan yotchedwa "Forty-Five a Month" imandigwira mtima ndikaiwerenga. Narayan anali mlembi wa ku India, anabadwa mu 1906 ku Madras, mzinda umene lero umatchedwa Chennai, ndipo anamwalira mu 2001. Ankalemba m'Chingerezi, ndipo nkhani zake zambiri anaziika m'tauni yopeka ya Malgudi, kummwera kwa India. Iyi imapezeka m'buku lake la Malgudi Days. Ndi ya masamba owerengeka chabe, moti munthu akhoza kuimaliza tiyi asanazizire. Mutu wake ukutanthauza malipiro a marupi 45 pamwezi, ndipo nambala imeneyi ndiyo msampha wa nkhani yonse.

Mwini nkhani ndi Venkat Rao, kalaliki wa muofesi amene amalandira marupi 40. Koma Narayan sayamba ndi iye. Amayamba ndi mwana wake wamkazi, Shanta, ali m'kalasi ndipo akuvutitsa anzake kufunsa nthawi. Bambo ake amulonjeza kuti lero 5 koloko madzulo apita naye kukaonera kanema. Mwanayo kuwerenga wotchi sadziwa bwino, choncho kwa iye ola lililonse likhoza kukhala 5 koloko. Amapempha aphunzitsi kuti aweruke msanga, amathamangira kunyumba, amavala diresi yake yapamtima, n'kukaima panja kudikira. Dzuwa likupendeka, iye ali pomwepo. Kenako amaganiza zowalondola bambo ake kuntchito, amasochera m'misewu, ndipo munthu wina wogwira ntchito kwa aneba ndiye amamubweza kunyumba akulira.

Mlembi wosazama akanayambira muofesi, n'kutiuza kuti munthuyu amaopa bwana wake. Narayan amatidziwitsa kaye mtengo wa mantha amenewo. Pofika pamene tikukumana ndi Venkat Rao, taona kale kamwana kovala diresi kali pageti, ndiye mphindi iliyonse imene iye akuzengereza ikutiwawa ndi ife tomwe. Nthawi ya nkhaniyi ndi tsiku limodzi lokha, ndipo wotchi ndi imene ikuyendetsa zonse: 5 koloko ya lonjezo, 9 koloko yofika kunyumba.

Tikabwerera mmbuyo pang'ono, timamva momwe lonjezo lija linabwerera. Mmawa mwana anaona kapepala kolengeza za kanema n'kupempha bambo ake. Venkat Rao anadzimvera chisoni. Iye amachoka mmawa, amabwera usiku mwana atagona, ndipo nthawi zina amamufuna kuntchito ngakhale Lamulungu. Ana a anzake amapita kokayenda ndi makolo awo, wake akungokulira pakhomo. Choncho analonjeza, mkazi wake atamuchenjeza kuti asamunamize mwana.

Madzulo akupita kwa manijala kukapempha kuti aweruke pa nthawi yake. Taonani kuchepa kwa chimene akupempha. Si mwezi wa tchuthi, si mlungu, koma madzulo amodzi, amene kunena zoona ndi ake kale. Manijala akumubweza kumpando ndi mawu oti palibe chofunika kuposa ntchito. Apa ndiye pamene nkhani ikufika pachimake. Venkat Rao akukhala pansi, mtima ukuwira, n'kulemba kalata yosiya ntchito. M'kalatamo akukhuthula zonse zimene wakhala akumeza: kuti iye si kapolo wogulidwa ndi marupi 40. Akuipinda, akuiika mu envulopu.  

Aliyense amene anasungapo kalata yotere akudziwa kukoma kwake. Ukangoilemba umamva ngati wachita kale chinthu chachikulu. Msana umawongoka, bwana akadutsa umamuyang'ana ndi diso lina, ukudziuza kuti akanadziwa chimene chili m'thumbamu sakanayenda chonchi. Vuto ndi loti kuyeserera kumeneku kumadya mphamvu yomweyo imene umafuna kukagwiritsa ntchito pakhomo paja. Mkwiyo wathera papepala, ndipo malire a nthawi amene umadziikira ndi njira yaulemu yozengerezera.  

Atamaliza kulemba kalatayo, Venkat Rao akuimirira, akupita patebulo la manijala n'kuikapo envulopu ija. Pano tiyenera kumupatsa ulemu wake, chifukwa wachita zimene ine ndinalephera: kalata yachoka m'thumba, yafika patebulo. Koma manijala asanaitsegule akumuuza nkhani yabwino, kuti lero kunali kukambirana zokweza malipiro ndipo iye amuganizira kuti awonjezeredwe marupi asanu. Dzanja la Venkat Rao likuthamangira envulopu ija n'kuibweza m'thumba. Bwana atafunsa kuti inali kalata yanji, iye akunama kuti amapempha katchuthi kochepa. Yankho likubwera louma, kuti tchuthi sichingapezeke kwa milungu iwiri ikubwerayi. Iye akuvomera mwaulemu n'kubwerera kumpando.

Bodza limenelo ndi limene ndimalikonda kwambiri m'nkhaniyi. Kalata yosiya ntchito yasanduka kalata yopempha tchuthi m'kanthawi kophethira diso, ndipo ngakhale tchuthi chabodzacho achikana. Munthu wakanizidwa chinthu chimene sanapemphe n'komwe, ndipo wathokoza. Narayan sakuthirapo ndemanga. Akungotisiya tiwone tokha kuti ngakhale pempho laling'ono, lololedwa, lopanda mwano, likanathera pomwepo.

Nanga kulimba mtima kuja kwapita kuti? Ine ndimaona kuti Venkat Rao anakonzekera nkhondo yolakwika. M'maganizo mwake anayeserera kukumana ndi bwana wokalipa, ndipo mkwiyo wa bwana ukanamupatsa mphamvu yoyankha. Chimene sanakonzekere ndi kukoma mtima. Marupi asanu pa 40 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a malipiro ake. Kwa munthu wa banja amene ndalama zimamuthera mwezi usanathe, imeneyo si nthabwala, ndipo sitingamuseke ngati wamantha wamba. Koma ndalama yomweyo ndi yochepa moti siisintha kanthu pa moyo wa Shanta. Yangokwana kugula chete wa bambo ake. Narayan anaiyeza bwino nambalayi. Akanati malipiro awirikiza kawiri, nkhani ikanakhala ya mwayi ndipo tikanakondwera naye. Akanati palibe chowonjezera, ikanakhala ya ngwazi yosiya ntchito. Marupi asanu akutisiya pakati, pamene sitingamunyoze komanso sitingamuwombere m'manja.

Manijala naye si chilombo, ndipo apa olemba nkhani ongoyamba kumene amaphonya kawirikawiri. Amakonda kupanga bwana wotukwana, womenya tebulo, woti owerenga amude msanga. Wa Narayan ndi wouma mtima mwa masiku onse, munthu amene amakhulupirira moona kuti ofesi ndiyo yoyamba, ndipo mwina akudziona ngati wachifundo chifukwa wamupezera mnyamata wake marupi asanu. Sakudziwa za diresi, sakudziwa za kanema, ndipo Venkat Rao sanamuuze. Bwana wotere ndi wovuta kulimbana naye kuposa wolusa, chifukwa sakupatsa pogwira.

Wowerenga wa kuno akhoza kunena kuti zimenezo n'zakale, za ku India wa nthawi ya atsamunda, ife tili ndi malamulo. N'zoona ndithu. Lamulo la za ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limati wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pamlungu ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pachaka, ndipo wogwira masiku asanu ali ndi masiku 15. Tchuthi chotero si mphatso ya bwana. Komabe ine lamulolo ndinkalidziwa bwino lomwe pamene kalata yanga inkadera m'thumba. Lamulo limakuuza masiku amene uli nawo, koma silikuperekeza pa mapazi khumi a pakati pa desiki yako ndi chitseko cha abwana. Mtunda umenewo ndiwo munda wa wolemba nkhani, ndipo Narayan anaulima wonse.

Pali chinthu china chimene ndinachiona nditawerenga kachiwiri. M'nkhaniyi oyeserera alipo awiri. Shanta naye wakhala tsiku lonse akukonzekera: kufunsa nthawi, kusankha chovala, kupesa tsitsi, kuima panja. Iye anachita kulimba mtima kwenikweni, anaimirira pamaso pa aphunzitsi n'kupempha kuti apite, ndipo analoledwa. Mwana wapeza chilolezo chimene bambo ake alephera kupeza. Narayan sakulozera chala kufanana kumeneku, wangokuika koyambirira kwa nkhani kuti wakuona akuone.

Venkat Rao akufika kunyumba 9 koloko. Mwana wagona atavala diresi lija. Mayi ake akufotokoza kuti anakana kuvula, anadya pang'ono chabe, poopa kuti bambo akabwera amupeza asanakonzeke. Bambo akumugwedeza pang'ono kuti adzuke, koma mwana akungotembenuka ndi tulo, ndipo mayi akuti amusiye. Ndiye akuuza mkazi wake nkhani ya marupi asanu aja, osati mokondwa koma modandaula, chifukwa wazindikira kuti tsopano mwayi wopita ndi mwanayu kukanema watalikira kuposa mmene unalili mmawa. Za envulopu sitikumvanso, ndipo ndimaganiza kuti inagona m'thumba la malaya usiku umenewo, isanatsegulidwe.