Musanapeze yankho, dziwani kukula kwake: kalata kwa mayi wobwerera kusukulu

Okondedwa Mayi,

Mwabwerera m'kalasi patapita zaka zambiri, ndipo maso anu ali pa mayeso a MSCE amene bungwe la MANEB limalembetsa kumapeto kwa Fomu 4. Ndayang'ana kope lanu la masamu modekha. Njira mukuzidziwa: kuchulukitsa mukutha, kugawa mukutha. Chimene chikukudyerani malikisi ndi ziro wosowa, ziro wowonjezera, ndi kadontho ka desimali kamene kakhala posayenera. Zolakwa zoterezi zili ndi mankhwala ake otchipa, ndiwo kuyerekeza. Ndikutanthauza kuti musanayambe samu, mupeze kaye mumtima yankho la pafupipafupi pogwiritsa ntchito manambala osavuta, mulilembe pambali, kenako muone ngati yankho lenileni likugwirizana nalo.

Tiyeni titenge samu yonga ija inakuvutani. Munthu wagulitsa matumba 38 a chimanga, a makilogalamu 50 lililonse, pa mtengo wa K47,500 thumba limodzi. Mtengowu ndi wachitsanzo chabe, pakuti inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene umasinthira pakati pa nthawi yokolola ndi miyezi ya njala. Funso ndi lakuti wapeza ndalama zingati.

Musagwire cholembera msanga. Yang'anani 38 ndi kudzifunsa kuti nambala yosavuta imene yayandikana nayo ndi iti. Ndi 40. Nanga 47,500? Ili pafupi ndi 50,000. Lamulo lake ndi lakuti musiye nambala imodzi yokha yakutsogolo, zotsalazo zikhale maziro. Ngati nambala yachiwiri ili 5 kapena kuposa, yakutsogoloyo mumaikweza. Ikachepera 5, mumaisiya mmene ilili. Mu 38 yachiwiri ndi 8, ndiye 3 akwera kukhala 4. Mu 47,500 yachiwiri ndi 7, ndiye 4 akwera kukhala 5.

Tsopano samu yasanduka 40 kuchulukitsa ndi 50,000. Ikani maziro onse pambali, muchulukitse 4 ndi 5, mupeza 20. Kenako bwezerani maziro aja: mmodzi wa 40 ndi anayi a 50,000, onse pamodzi asanu. Lembani 20, mutsatize maziro asanu, ndipo mupeza 2,000,000. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa. Amaona kuti 20 ali kale ndi ziro, n'kumuwerengera ngati mmodzi wa asanu aja, mapeto ake n'kulemba 200,000. Ziro wa mu 20 wabadwa pochulukitsa 4 ndi 5, sali m'gulu la amene munaika pambali. Choncho muzilemba 20 poyamba, kenako muziwerenga maziro obwezerawo mmodzimmodzi, ngakhale mokweza mawu ngati muli kunyumba.

Mwapeza K2,000,000, koma musaime pomwepo. Dzifunseni kuti yankho lenileni likhala pamwamba pa nambalayi kapena pansi pake. Matumba munawachulutsa, kuchoka pa 38 kufika pa 40. Mtengo nawo munaukweza. Popeza zonse ziwiri zakwera, yankho lenileni liyenera kuchepera K2,000,000. Mukachulukitsa n'kupeza K2,100,000, ngakhale ikuoneka kuti ili pafupi, dziwani kuti penapake pavuta. Funso laling'ono limeneli ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limapatsa mphamvu kuyerekeza kwanu. Pambali pa samu muzilemba motere: "pafupifupi 2,000,000, koma kucheperapo."

Tsopano chulukitsani monga munaphunzirira. Kuchulukitsa 47,500 ndi 8 kupereka 380,000. Kuchulukitsa 47,500 ndi 30 kupereka 1,425,000. Mukaphatikiza, yankho ndi K1,805,000. Lili pafupi ndi 2,000,000, lilinso pansi pake, monga tinayembekezera.

M'kope mwanu munali cholakwa china chimene ndikufuna muchizindikire nokha ulendo wina. Pamzere wachiwiri munachulukitsa ndi 3 m'malo mwa 30, chifukwa munaiwala kusiya malo a ziro musanayambe kulemba. Pa samu yathuyi, kutero kungapereke 142,500, ndipo mukaphatikiza ndi 380,000 mupeza 522,500. Munthu amene sanayerekeze angalembe mzere pansi pa yankholo n'kupita pa funso lotsatira mtima uli m'malo, chifukwa mitaimusi yonse waikhoza. Koma amene walemba 2,000,000 pambali aona nthawi yomweyo kuti 522,500 sinafike ngakhale theka, ndipo abwerera kukafufuza.

Mwina munganene kuti kakyuleta ya pafoni yanu silakwa. Zoona, silakwa, koma chala chimalakwa. Mukadina 4,750 m'malo mwa 47,500, ikupatsani 180,500 mosakayika konse. Apa gwiritsani ntchito zimene manja anu akudziwa kale. Ndalama yapepala ya K5,000, imene inayamba kugwira ntchito mu 2022, ikakwana mapepala 100 ndi K500,000. Ndiye kuti K1,805,000 ndi mitolo itatu yotere ndi mapepala ena 61 pamwamba. Koma K180,500 ndi mapepala 36 okha ndi K500 yapadera. Matumba 38 kuwagulitsa ndi mapepala 36 ndiye kuti thumba lililonse silinafike ngakhale pa K5,000. Pamsika simungalole zimenezo, ndiye musazilolenso papepala la mayeso. Ana a sukulu ambiri alibe nzeru imeneyi, inu muli nayo, ndipo zimandipweteka ndikaona akuluakulu akuisiya pakhomo la kalasi ngati kuti masamu a m'buku ndi a dziko lina.

Nthawi zina mudzafuna kuyandikira kwambiri. Onani kuti 38 yachepera 40 ndi 2, ndipo 2 ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a 40, kutanthauza 5 peresenti. Nayo 47,500 yachepera 50,000 ndi 2,500, imenenso ndi 5 peresenti. Pochulukitsa, kusiyana kung'onokung'ono kotere kumaphatikizana, ndiye yankho lichepera 2,000,000 ndi pafupifupi 10 peresenti. Chotsanipo 200,000 mupeza 1,800,000, ndipo yankho lenileni linali 1,805,000. Izi sizofunika pa samu iliyonse. Ndakuonetsani kuti mudziwe chifukwa chake kukweza manambala onse awiri kumakutayitsani patali. Ngati n'kotheka pochulukitsa, kwezani imodzi, inayo muitsitse, kuti kusiyanako kuphane kokha. Mwachitsanzo 52 kuchulukitsa ndi 39, mutenge 50 ndi 40, mupeza 2,000, pamene yankho lenileni ndi 2,028.

Pa madesimali ndi pamene kuyerekeza kumapindula kwambiri, chifukwa manambala onse akhoza kukhala olondola koma kadontho kali polakwika. Tengani 4.8 kuchulukitsa ndi 0.62. Mukachulukitsa 48 ndi 62 mupeza 2976. Kadontho kapita pati? Lamulo lowerenga malo a desimali lilipo, koma mantha a mayeso akagwira munthu limathawa m'mutu. Yerekezani: 4.8 ili pafupi ndi 5, ndipo 0.62 yangopitirira theka pang'ono. Theka la 5 ndi 2.5, ndiye yankho lipitirira 2.5 pang'ono, cha m'ma 3. Pakati pa 0.2976, 2.976 ndi 29.76, yoyandikira 3 ndi 2.976 basi. Taonaninso kuti yankho lachepera 4.8. Kuchulukitsa ndi nambala yosakwana 1 kumachepetsa, ngakhale dzina lake likunena zina.

Kugawa kumadabwitsa mbali inayo. Nenani kuti muli ndi nsalu yotalika mamita 18.6, ndipo mukuidula tizidutswa ta mamita 0.31 kalikonse. Ophunzira ambiri amalemba 6 kapena 0.6, chifukwa mumtima amakhulupirira kuti kugawa kumachepetsa nthawi zonse. Ganizani za nsaluyo. Mamita 0.31 ndi masentimita 31, pafupifupi kutalika kwa rula ya pasukulu. M'mita imodzi mutuluka tizidutswa titatu ndi kakang'ono kotsala. Ndiye m'mamita 18 mutuluka toposa 54. Yankho la 6 silingatheke, ndipo lenileni ndi 60.

Pogawa, lamulo losiya nambala imodzi yakutsogolo mulifewetse. Sankhani manambala amene amagawika bwino: 18.6 musaikweze kufika pa 20, itsitseni pa 18, chifukwa 18 imagawika ndi 3. Nayo 0.31 itsike pa 0.3. Ndiye 18 kugawa ndi 0.3 ndi chimodzimodzi 180 kugawa ndi 3, zimene zikupereka 60. Zindikirani kuti apa tatsitsa onse awiri. Pogawa, kusendeza manambala onse mbali imodzi ndi kumene kumasunga yankho pafupi, mosiyana ndi pochulukitsa. Mukakweza wogawidwa n'kutsitsa wogawira, yankho limathawira m'mwamba: 20 kugawa ndi 0.3 ndi pafupifupi 67.

Ndikuuzeninso pamene njirayi imalephera, kuti musaidalire koposa muyeso wake. Kuyerekeza kumagwira zolakwa zazikulu, zazing'ono zimadutsa. Mukakopera yankho n'kusinthanitsa manambala, kulemba 1,850,000 m'malo mwa 1,805,000, lidzaoneka labwinobwino: lili pafupi ndi 2,000,000, lilinso pansi pake. Chonsecho mwasiyana ndi K45,000, pafupifupi mtengo wa thumba lathunthu. Yankho likagwirizana ndi chiyerekezo, zimangotanthauza kuti likhoza kukhala loona. Kuti mutsimikize, bwerezani samuyo podzera njira ina, osati yomwe ija, chifukwa mutu umakonda kubwereza cholakwa chake. Matumba 40 pa K47,500 ndi K1,900,000. Chotsanipo matumba awiri amene munawonjezera, omwe ndi K95,000, mutsala ndi K1,805,000 ndendende.

Pena pamene muyenera kusamala ndi pochotsera manambala oyandikana, monga powerengera phindu. Tiyerekeze kuti wogulitsa uja anawononga K1,762,000 pogula chimangacho, matumba, mankhwala a anankafumbwe ndi thiransipoti. Mukasendeza 1,805,000 ndi 1,762,000, zonse zisanduka 1,800,000, ndipo phindu lioneka ngati palibe. Mukasiya nambala imodzi yokha yakutsogolo, zonse zikhala 2,000,000, yankho n'kukhalabe ziro. Chimene chachitika n'chakuti mbali imene munataya posendeza ndi yomwe munali phindulo. Choncho manambala akafanana kutsogolo, musawasendeze. Dumphani pamene afanana, muyambire pamene asiyana. Werengani m'masauzande: 805 ndi 762. Kuchoka pa 762 kufika pa 800 ndi 38, kuchoka pa 800 kufika pa 805 ndi 5, pamodzi 43. Phindu ndi K43,000.

Sabata ino, pa samu iliyonse yochulukitsa kapena yogawa imene ili m'ntchito ndakupatsani, lembani chiyerekezo chanu kumanja kwa tsamba ndi pensulo musanayambe, pamodzi ndi mawu akuti "kucheperapo" kapena "kupitirirapo". Chiyambe chiyerekezo, chifukwa mukachilemba mutaona kale yankho, maso amachikokera ku yankholo ngakhale lili lolakwa. Pamene ziwirizi zasiyana kwambiri musafufute kanthu. Ikani kamtanda pambali, mubwere nalo kopelo Loweruka, tidzafufuze limodzi ngati vuto lili m'samu kapena m'chiyerekezo.

Ine mphunzitsi wanu.